Momwe mungayezere goloboyi poŵerenga mashoti amene amafika pagolo pake

Pa 25 Januwale 2022, Flames inagonja 2-1 kwa Morocco ku Yaoundé m'ndime yachipulula ya mpikisano wa maiko a mu Africa. Amene tinaonera masewerowo tikukumbuka momwe Charles Thomu anaphererera mpira pambuyo pa mpira, mpaka anyamata a Morocco kumagwira kumutu. Koma mukatsegula buku la zotsatira mupeza mzere umodzi wokha: wachinyidwa ziwiri. Sabata imodzi m'mbuyo mwake, Thomu yemweyo anatuluka osachinyidwa pokumana ndi Senegal, 0-0, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse tsiku limenelo. Masiku onse awiriwa anagwira ntchito yaikulu, koma poŵerenga masewero osachinyidwa, tsiku limodzi lokha ndi limene likuoneka.

Zimenezi zimandipweteka kwambiri ndikamaona mpira wa achinyamata kuno ku Blantyre. Mwana wa timu yofooka amakhala pagolo ngati pa msika wa Limbe, mipira kubwera mosalekeza, ndipo pakutha pa ligi mphotho imapita kwa mnzake amene ankangoimirira kumbuyo kwa otchinga anayi amphamvu. Kutuluka osachinyidwa ndi ntchito ya anthu 11. Ngati tikufuna kudziwa gawo la goloboyi yekha, tiyenera kufunsa mafunso awiri: mashoti angati anafika pagolo pake, ndipo anali ovuta bwanji? Makampani aakulu a ziŵerengero za mpira amayankha funso lachiwirili ndi nambala imene mumaiona pa intaneti italembedwa PSxG kapena xGOT. Iwo ali ndi anthu ambiri olemba komanso mashoti masauzande ochuluka. Ife tili ndi kope, cholembera ndi foni, ndipo zimenezi n'zokwanira kuti tichite chinthu chofanana nacho, ngakhale chokhakhala pang'ono.

Choyamba: gwirizanani kuti shoti yoŵerengedwa ndi iti

Musanapite kubwalo, khalani pansi ndi mnzanu amene muzilemba naye, mumange lamulo limodzi. Shoti imene tikuŵerenga ndi yokhayo imene inalowa, kapena imene ikanalowa goloboyi akanapanda kuikhudza. Mpira wogunda mtengo wagolo n'kubwerera suŵerengedwa. Wopita pamwamba kapena pambali suŵerengedwa, ngakhale goloboyi atauuluka mokongola chotani. Wotchingidwa ndi wosewera wakumbuyo usanafike kwa goloboyi nawonso ayi, chifukwa sunamuyese. Kolosi imene goloboyi waidumphira n'kuigwira si shoti. Chigoli chimene oyimbira akana chifukwa cha ofusayidi muchisiye, monganso chigoli chodzichinya okha.

Mapenate alembeni, koma patsamba lawolawo. Penate imamenyedwa pamtunda wa mamita 11, popanda wotchinga aliyense, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse amalowa. Goloboyi amene otchinga ake amakonda kugwetsa anthu m'bokosi adzaoneka woipa ngati musakaniza mapenate ndi mashoti ena.

Chachiwiri: khalani pamalo oyenera

Munthu mmodzi sangaone zonse. Amene wakhala m'mbali mwa bwalo amaona bwino mtunda umene shoti yachokera, koma saona bwino mbali ya golo imene mpira walowera. Amene ali kuseri kwa golo amaona pakona ndi pakati, koma mtunda umamusokoneza. Choncho khalani awiri: mmodzi m'mbali, moyang'anizana ndi mzere wa bokosi lalikulu, wina kuseri kwa golo. Pa bwalo la Kamuzu mungakwere pamwamba pang'ono ndipo zonse zimaoneka bwino. Pamabwalo a sukulu, monga a ku Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni, kulibe pokwera, ndiye funani chulu kapena malo okwererako, ndipo amene ali kuseri kwa golo ajambule ndi foni mpira ukangoyandikira bokosi. Kanema wa masekondi khumi amathetsa mkangano umene ukanatenga madzulo onse.

Lembani magoloboyi onse awiri, wanu ndi wa timu inayo. Mudzaona patsogolo pake chifukwa chake zimenezi zili zofunika.

Chachitatu: shoti iliyonse muifunse mafunso anayi

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndiye tisathamange. Mapointi amene ndikupatseni ndi muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ineyo pogawa mashoti m'magulu. Mukhoza kuusintha, bola mukasankha musasinthenso ligi ili mkati.

Funso loyamba ndi lakuti yachokera pati. Mizere ya bwalo ikuthandizani. Bokosi lalikulu limatuluka mamita 16.5 kuchokera pamzere wa golo, laling'ono mamita 5.5, ndipo kadontho ka penate kali pa mamita 11. Shoti yochokera kunja kwa bokosi lalikulu ipatseni 0. Yochokera m'kati mwa bokosi koma chakumbali, kapena kutali kuposa kadontho ka penate, ipatseni 1. Yochokera kutsogolo kwa golo, kuyambira pa kadontho ka penate kulowa m'kati, ipatseni 2. Chifukwa chake ndi nthawi. Mpira wothamanga mamita 25 pa sekondi umatenga sekondi yathunthu kuchoka pa mamita 25, koma kuchoka pa mamita 10 sutenga ngakhale theka la sekondi. Pa sekondi yathunthu goloboyi amatha kusuntha mapazi kaye kenako n'kudumpha. Pa theka la sekondi amangoponya thupi.

Funso lachiwiri ndi lakuti inalunjika pati pagolo. Golo la akuluakulu ndi lotalika mamita 7.32 m'lifupi ndi mamita 2.44 kupita m'mwamba. Mukagawa 7.32 patatu mupeza 2.44 yemweyo, kutanthauza kuti golo ndi mabokosi atatu ofanana mbali zonse, oikidwa moyandikana. Muziliona choncho m'maganizo mwanu. Mpira wopita m'bokosi lapakati upatseni 0. Wopita m'bokosi lakumanja kapena lakumanzere upatseni 1. Wopita pafupi kwenikweni ndi mtengo, osapitirira mita imodzi kuchokera pamtengopo, kaya pansi kapena m'mwamba, upatseni 2.

Pano pali msampha umene ndinagweramo chaka changa choyamba. Ndinkalemba kuti "yamupeza pomwe anaima" n'kuipatsa 0. Patapita masewero angapo ndinazindikira kuti ndinkalanga mnyamata amene ankadziwa kuima bwino. Iye ankaŵerenga thupi la womenya, n'kusuntha masitepe awiri mpira usanamenyedwe, ndiye shoti yopita pafupi ndi mtengo inkangomupeza pachifuwa. Mnzake wa timu ina ankachedwa kusuntha, n'kumauluka mpira womwewo, anthu n'kumakuwa, ine n'kumalemba kuti wapulumutsa yovuta. Funso si lakuti mpira unali kutali bwanji ndi goloboyi. Funso ndi lakuti unkalowera pati pagolo. Kaimidwe ndi luso lake, ndipo liyenera kumupindulira.

Funso lachitatu ndi la mphamvu. Musavutike ndi magawo ambiri. Shoti yofooka, yongogubuduka kapena hedi yopanda mphamvu, ndi 0. Yamphamvu, imene munaimva kulira kapena imene diso lanu linavutika kuitsatira, ndi 1.

Funso lachinayi: kodi goloboyi anauona mpira kuyambira pamene unkachoka kuphazi? Ngati panali chigulu cha anthu kutsogolo kwake, kapena mpira unagunda mwendo wa munthu n'kusintha njira, onjezani 1. Ngati njira inali yoyera, 0.

Tsopano phatikizani. Mapointi 0 kapena 1 ndi shoti yosavuta. Mapointi 2 kapena 3 ndi yapakati. Kuyambira 4 kupita m'mwamba ndi yovuta.

Tiyese muyesowu pa zigoli ziwiri za tsiku lija la Morocco. Filikiki ya Achraf Hakimi imene inapatsa Morocco chipambano inachokera kunja kwa bokosi, ndiye 0. Inalowa pakona yam'mwamba, 2. Inali yamphamvu, 1. Imeneyo ndi 3 kale, ndipo ngati mukuona kuti khoma la osewera linamubisira Thomu mpira pochoka, ikukwana 4 n'kulowa m'gulu la zovuta. Mashoti a m'malire otere adzakhalapo nthawi zonse. Chofunika n'chakuti lamulo limene mwagwiritsa ntchito pa filikiki ya lero likhale lomwelo pa filikiki ya mwezi wamawa. Chigoli cha Gabadinho Mhango pa mphindi ya 7 chikutiphunzitsa china. Anamenya ali kutali kwambiri, pamalo pamene munthu akangoyesa, ochemerera ambiri amadandaula kuti wataya mpira. Mwayi wochinya kuchokera pamenepo ndi wochepa zedi, ndipo nambala imene imalembedwa xG, yoyeza mwayi mpira usanamenyedwe, ingakhale yaing'ono kwambiri. Koma mpira utachoka kuphazi unali chinthu china, wothamanga komanso wolunjika m'mwamba, ndipo Yassine Bounou, amene anali atatsogolako pang'ono, sanathe kuubweza. Poyeza goloboyi timayang'ana mpira utachoka kale kuphazi, osati malo okha amene womenya anaima.

Mzere umodzi m'kope uzioneka chonchi: mphindi 34, goloboyi wathu, 2 + 1 + 1 + 0 = 4, yovuta, wapherera kunja. Palibenso china chofunika.

Chachinayi: pezani kulemera kwa gulu lililonse

Kunena kuti shoti ndi yovuta sikokwanira. Tikufuna kudziwa kuti mwa mashoti ovuta khumi, angati amalowa pa goloboyi wamba wa ligi yanu. Nambala imeneyi musaibwereke ku Ulaya, chifukwa mpira wa anyamata a zaka 17 pabwalo lafumbi si wofanana ndi wa kumeneko. Ichokere m'kope lanu lomwe. N'chifukwa chake ndinati muzilemba magoloboyi onse awiri. Pamasewero 20, ngati mbali iliyonse ikulandira mashoti asanu olunjika pagolo, muli ndi mashoti 200 ochokera kwa magoloboyi osiyanasiyana.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, kuti muone kaŵerengedwe kake. Tinene kuti mwa mashoti 200 aja, 100 anali osavuta ndipo asanu analowa. Gawani 5 ndi 100, mupeza 0.05. Apakati anali 60, analowa 18, ndiye 0.30. Ovuta anali 40, analowa 26, ndiye 0.65. Manambala atatuwa ndiwo kulemera kwa magulu anu. Tanthauzo lake n'losavuta: shoti iliyonse yovuta imene goloboyi wakumana nayo ili ngati ngongole ya 0.65 ya chigoli. Akaipherera, wapulumutsa 0.65. Ikalowa, wataya 0.35 yokha, chifukwa anzake ambiri akanachinyidwanso. Koma shoti yosavuta ikamudutsa pakati pa miyendo, wataya 0.95, pafupifupi chigoli chathunthu.

Yang'anani ngati manambala anu akukwera bwino kuchoka pa gulu losavuta kupita pa lovuta. Mukapeza kuti apakati akulowa mofanana ndi ovuta, ndiye kuti kagawidwe kanu kali ndi vuto, ndipo kawirikawiri vutolo limakhala pa funso lachiwiri: wolemba sakusiyanitsa mpira wa pambali ndi wa pakona.

Chachisanu: ŵerengerani goloboyi aliyense

Titenge anyamata awiri, tiwatche woyamba ndi wachiwiri, aliyense wasewera masewero khumi. Woyamba ali m'timu yotsogola. Watuluka osachinyidwa kasanu n'kamodzi, ndipo wachinyidwa zigoli 6 zokha. Wachiwiri ali m'timu ya kumunsi kwa ligi. Watuluka osachinyidwa kamodzi kokha, wachinyidwa 14. Mutafunsa anthu pa siteji ya minibasi, palibe angachedwe kuyankha kuti wabwino ndani.

Tiyambe ndi kuchuluka kwa mashoti. Woyamba wakumana ndi mashoti 24 olunjika pagolo, wapulumutsa 18. Gawani 18 ndi 24, mupeza 75 peresenti. Wachiwiri wakumana ndi 55, wapulumutsa 41, zimene zikupereka 74.5 peresenti. Taonani kale kusiyana kwa 6 ndi 14 kwasungunuka. Anyamatawa akupulumutsa pafupifupi mofanana, kungoti mmodzi amayesedwa kaŵiri kapena katatu pamasewero, wina kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Anthu ambiri amaimira pomwepa, ndipo pokhapa ndi pabwino kale kuposa kuŵerenga masewero osachinyidwa. Koma peresenti imeneyi imatenga shoti yogubuduka ya mamita 30 ngati yofanana ndi ya munthu amene watsala yekha ndi goloboyi. Tipitirire.

Mashoti 24 a woyamba anali motere: 15 osavuta, 6 apakati, 3 ovuta. Chulukitsani gulu lililonse ndi kulemera kwake. 15 kuchulukitsa ndi 0.05 ndi 0.75. 6 kuchulukitsa ndi 0.30 ndi 1.8. 3 kuchulukitsa ndi 0.65 ndi 1.95. Zonse pamodzi ndi 4.5. Goloboyi wamba akanaima pagolo limenelo akanachinyidwa zigoli zinayi kapena zisanu. Mnyamata wathu wachinyidwa 6. Chotsani 6 pa 4.5, mutsala ndi -1.5. Walowetsa chigoli chimodzi ndi theka kuposa zimene zinkayembekezeka.

Mashoti 55 a wachiwiri: 20 osavuta, 20 apakati, 15 ovuta. Osavuta akupereka 1.0, apakati 6.0, ovuta 9.75. Pamodzi ndi 16.75. Iye wachinyidwa 14. Chotsani 14 pa 16.75, mutsala ndi +2.75. Mwana amene aliyense amamunena kuti ndi dengu lobooka wapulumutsira timu yake pafupifupi zigoli zitatu zimene wina akanalowetsa.

Poti awiriwa sanakumane ndi ntchito yofanana, ndi bwino kuonanso mwanjira ina. Gawani zigoli zolowa ndi zoyembekezeka. Woyamba: 6 kugawa ndi 4.5 ndi 1.33. Wachiwiri: 14 kugawa ndi 16.75 ndi 0.84. Nambala yoposa 1 ikusonyeza kuti akulowetsa zambiri kuposa goloboyi wamba, yochepera 1 ikusonyeza kuti akulowetsa zochepa. Njira imeneyi imathandiza kuti goloboyi wotanganidwa asaoneke wabwino chabe chifukwa anali ndi mipata yambiri yodzionetsera.

Ngati muli ndi kompyuta, ikani dzina la goloboyi mu mzati C, chigoli mu mzati F (1 ngati yalowa, 0 ngati ayi), kulemera kwa shoti mu mzati G, kenako, kuti muchotse zigoli zolowa pa zoyembekezeka, lembani:

```
=SUMIF(C:C,"A",G:G)-SUMIF(C:C,"A",F:F)
```

Pamalo pa A muike dzina limene mwamulembera. Koma kope ndi kakyuleta ya pafoni zimagwira ntchito yomweyo.

Musathamangire kukauza akochi kuti asinthe goloboyi

Mawu awa ndikuwanena ndi mtima wonse, chifukwa nambala yolakwika m'manja mwa munthu wotsimikiza ingathe kumuphera mwana tsogolo. Masewero khumi ndi ochepa. Mashoti 24 ndi ochepa kwambiri. Tangoganizani: mipira iŵiri yokha mwa isanu n'umodzi ija ikanagunda chala cha woyamba n'kutuluka, akanakhala ndi zigoli 4 ndipo nambala yake ikanakhala +0.5. Munthu yemweyo, manja omwewo, chiweruzo chosiyana.

Pali njira yoyezera kukula kwa mwayi umenewu. Pa shoti iliyonse, chulukitsani kulemera kwake ndi chotsala chake kuti chikwane 1, monga 0.30 kuchulukitsa ndi 0.70. Phatikizani za mashoti onse, kenako dinani chizindikiro cha √ pa kakyuleta. Kwa woyamba mupeza pafupifupi 1.6, kwa wachiwiri pafupifupi 2.9. Kutanthauza kuti goloboyi wamba weniweni akhoza kupezeka pamwamba kapena pansi ndi zigoli zochuluka chotero popanda chifukwa china koma mwayi. Ndiye -1.5 ya woyamba ndi +2.75 ya wachiwiri zonse zikadali m'kati mwa malire a mwayi. Ine sindiyamba kukhulupirira nambala mpaka itakula kuŵirikiza malirewo kaŵiri, kapena itabwerezabwereza mbali imodzi kwa zaka ziwiri. Ngakhale ligi yaikulu ya matimu 16, imene timu iliyonse imasewera masewero 30, imapatsa goloboyi mashoti ochepa moti chaka chimodzi chabwino chikhoza kutsatiridwa ndi chaka wamba.

Nanga taphunzirapo chiyani pa anyamata aŵiriwa? Taphunzira chinthu chimodzi cholimba: masewero asanu n'amodzi osachinyidwa aja si umboni wakuti woyamba amaposa wachiwiri. Otchinga a woyamba ankangolola shoti yovuta imodzi pamasewero atatu alionse, pamene wachiwiri ankakumana ndi zitatu pamasewero aŵiri alionse. Chachiwiri, tadziwa pamene tiyenera kuyang'ana. Tsegulani kope muone zigoli gulu ndi gulu. Tinene kuti zisanu n'chimodzi za woyamba zinali ziwiri zosavuta, ziwiri zapakati, ziwiri zovuta. Ziwiri mwa mashoti 15 osavuta ndi zambiri, pamene tinkayembekezera chosakwana chimodzi. Pitani ku kanema wa zigoli ziwirizo. Mwina zonse zinabwera atakhala nthawi yaitali osakhudza mpira, maganizo atapita kwina. Mwina zonse zinali za pansi, zodunda patsogolo pake. Chimenecho ndi chinthu choti akochi angachikonze Lachiwiri pa zokonzekera, ndipo n'chothandiza kwambiri kuposa kungomuuza mwana kuti nambala yake ndi yoipa.

Zimene zimaononga kope

Choononga chachikulu ndi kuweruza shoti mutadziwa kale mapeto ake. Mpira ukalowa, mtima umati inali yovuta. Ukagwidwa, mtima umati inali yosavuta. Mukalola zimenezi, magoloboyi onse adzatuluka ofanana, chifukwa chigoli chilichonse chidzakhala ndi chowiringula. Mungazizindikire poyang'ana kulemera kwa magulu anu: ngati ovuta akulowa pafupifupi onse ndipo osavuta sakulowa ndi amodzi omwe, mukulemba mapeto osati shoti. Mankhwala ake ndi kuyankha mafunso anayi aja limodzi limodzi, ndi manambala, musanalembe ngati yalowa. Mukakhala ndi kanema, imitsani chithunzi mpira usanafike pa goloboyi, mnzanu amene sanaonere masewerowo apereke mapointi. Ndipo ngati goloboyiyo ndi mwana wanu kapena mphwanu, wina alembe.

Chachiwiri ndi mpira wolavula. Goloboyi walandira shoti yapakati, m'malo moigwira kapena kuikankhira kunja, wailavulira kutsogolo kwa golo, mdani n'kumenya kachiwiri ali pa mamita asanu. M'kope, shoti yoyamba imupatsa 0.30 ngati wapulumutsa, ndipo yachiwiri ilembedwa yovuta, ndiye chigolicho chingomuchotsera 0.35. Mapeto ake watuluka pafupifupi wosalakwa pa chigoli chimene anachipanga yekha. Ine ndimaika kanyenyezi pa shoti iliyonse yobadwa ndi kulavula kwa goloboyi, ndipo ngati yoyambayo inali yosavuta kapena yapakati, yachiwiri sindiipatsa kulemera kulikonse. Ikalowa, chigoli chonse ndi chake. Ngati yoyamba inali yovuta, kungoifikira kokha kunali kokwanira, ndiye yachiwiri ndimaiŵerenga monga mwa masiku onse.

Chachitatu ndi bwalo ndi nyengo. Pa kapeti wa pa Kamuzu mpira wa pansi umayenda mowongoka, ndipo kukagwa mvula kapena chiperoni cha mu Juni ndi Julayi umaterera n'kufika msanga kuposa momwe diso limayembekezera. Pabwalo lafumbi la mu Okutobala, mpira womwewo ukhoza kugunda chibuma n'kudumpha phewa. Lembani pamwamba pa tsamba dzina la bwalo ndi momwe kunachera. Mpira ukadunda moipa moonekeratu n'kusintha njira, muutenge ngati wogunda mwendo wa munthu, muonjezere 1 pa funso lachinayi. Ndipo yezani golo ndi tepi kamodzi. Mabwalo ena a m'makwalala ali ndi magolo opereŵera, ndipo mashoti a pamenepo sayenera kusakanizidwa ndi a pagolo la mamita 7.32.

Pali ntchito ina ya goloboyi imene kope limeneli silingaione konse. Amene amatuluka msanga n'kudumphira kona, kapena kuthamangira mpira woponyedwa kuseri kwa otchinga wosewera wakutsogolo asanaufike, amapha shoti isanabadwe, ndipo shoti yosabadwa ilibe mzere m'kope. Chimodzimodzi amene amakuwa n'kuika otchinga ake m'malo. Mwinanso mashoti ovuta a woyamba uja ndi ochepa chifukwa cha pakamwa pake ndi miyendo yake, osati otchinga okha. Choncho kumbuyo kwa kope tsegulani tsamba lina la mizati itatu: makolosi ndi makona amene anatulukira n'kugwira kapena kukhoma, amene anatulukira n'kuphonya, ndi mipira imene anaichotsa kunja kwa bokosi. Muzingoika timizere, osapereka kulemera. Pokakambirana ndi akochi mutenge masamba onse awiri, la mashoti ndi la timizereli, ndipo mufoni mukhale mutasankhiratu makanema a zigoli zonse zimene zinalowa kuchokera m'gulu losavuta, kuti muyambire pamenepo.